Kalembedwe ka uthenga wokana kubwereka m'bale wanu ndalama popanda kudana naye

Uthenga wopempha ngongole wochokera kwa m'bale wa bere limodzi umakhala waufupi: "Zandivuta, ndibwerekeniko ndalama, ndibweza mwezi ukatha." Chimene chimatenga masiku ndi yankho lake. Munthu amalemba, kufufuta, kulembanso, kenako n'kungotumiza kuti "ndiona". Mawu amenewa amamveka aulemu, koma ndi amene amapweteka kwambiri, chifukwa wopemphayo amasiya kufunafuna kwina n'kuyamba kudikira inu. Tsiku lolipira likafika inu n'kunena kuti zakanika, amakhala wataya ndalama zimene ankayembekezera pamodzi ndi masiku amene akanathamangira kwa ena. Uthenga wabwino umanena "ayi" momveka komanso msanga, umapereka chifukwa chimodzi choona, ndipo umatchula chinthu chenicheni chimene mungachite ndi tsiku lake.

Kuti malangizowa asakhale a m'malere, titsatira nkhani imodzi. Tiyerekeze kuti ndinu mayi wa pantchito, ndipo mlongo wanu wamng'ono wakulemberani Lolemba kuti ali ndi ngongole ya lendi ya miyezi iwiri. Eni nyumba amupatsa mpaka Lachisanu. Kuti masamu aphweke, tinene kuti lendi ya mwezi umodzi ndi 100, ndiye akupempha 200.

Poyamba, muuzeni nthawi imene mumuyankhe

Musayankhe zenizenizo mphindi yomweyo, pamene mtima ukadali m'mwamba. Apo munthu amavomera zimene sangakwanitse kapena kukalipa zimene sanafune kunena. Koma musakhalenso chete, makamaka ngati foni yamusonyeza kuti uthengawo mwauwerenga. Lembani mizere iwiri yokha:

"Ndauona uthenga wako, pepa ndi zimenezi. Ndikuyankha mawa kunja kusanade, koma usandidikire ine ndekha, pitiriza kufunsanso kwina."

Chiganizo chomalizacho chikugwira ntchito yaikulu. Simunakane ndipo simunavomere, koma mwamuchenjeza kuti asaike mtima wonse pa inu. Nthawi imene mwalonjeza isapitirire tsiku limodzi. Ngati iye ali ndi masiku anayi okha, kumusunga masiku atatu ndi kumudyera nthawi yake.

Ngati pempho lake silinatchule chimene akufunira ndalamazo, funsani pomwepa: zafunika zingati, ndi za chiyani, zikufunika liti. Musafunse ngati wapolisi. Cholinga chanu n'chakuti mudziwe vuto lenileni, chifukwa simungapereke thandizo lina m'malo mwa ngongole musakudziwa chimene chavuta. Ndipo ngati nkhani ndi ya matenda aakulu, ngozi kapena kuti moyo wake uli pachiswe, siyani kulemba, muimbireni.

Chachiwiri, werengerani musanalembe

Tengani pepala. Lembani ndalama zonse zimene muli nazo, chotsanipo zimene zili kale ndi ntchito yake, muone chotsala. Pa nkhani yathu ija, mayiyu ali ndi 280. Mwa izo, 200 ndi fizi ya ana yofunika kulipidwa pa 10, ndipo 30 ndi yoyendera ndi tina tofunika mpaka malipiro atuluke. Zotsala ndi 50.

Apa pali msampha umene umakola anthu ambiri a mtima wabwino. Ndalama 200 imene akupemphayo ilipodi mu akaunti, ndipo mlongoyo akulonjeza kubweza mwezi ukatha. Koma taonani masiku: fizi ikufunika pa 10, iye akubweza pa 30, ngati abweze. Ndiponso munthu amene walephera kulipira 100 pa mwezi kawiri kotsatizana, mwezi wachitatu adzafunika kupeza 100 ya lendi yatsopano kuphatikiza 200 yanu. Sikuti ndi wabodza ayi. Masamuwo ndi amene akukana. Mukaona zimenezi papepala, kukana kwanu kumasiya kukhala nkhani ya kuuma mtima, ndipo mumalemba mosadziimba mlandu kwambiri.

Kenako dzifunseni funso limodzi lokhudza 50 yotsalayo: kodi itapita osabwerera, ndingamuone m'bale wangayu popanda kuikumbukira? Ngati yankho ndi inde, imeneyo ndi mphatso imene mungapereke. Ngati mungamaikumbukire, tsitsani mpaka pamene mtima wanu ungaiwale, kaya ndi 20, kaya ndi zero. Palibe cholakwika kupereka thandizo lopanda ndalama.

Ngati muli pabanja ndipo ndalama mumayendetsa limodzi, kambiranani tsopano, uthenga usanapite. Koma mukamalemba, chigamulocho chikhale chanu. Mawu oti "ine ndimafuna koma alamu ako akana" amakupulumutsani lero n'kusiya chidani pakati pa anthu awiri amene adzakhala akuonana moyo wawo wonse.

Chachitatu, sankhani chifukwa chimodzi, ndipo chikhale choona

Munthu amene akuchita manyazi amaunjika zifukwa: fizi, galimoto yawonongeka, kuntchito achedwetsa malipiro, mwana akudwala. Zifukwa zikachuluka, uthenga umamveka ngati mukudziteteza pamlandu, ndipo chifukwa chilichonse chimatsegula khomo la kukambirana. Mukati malipiro achedwa, ayankha kuti adikira atuluke. Mukati galimoto, akuuzani kuti ikonzedwe mwezi wamawa. Perekani chimodzi chokha chimene sichingasunthike.

Chifukwacho chikhale chokhudza inu, osati iye. "Ndalama zimene ndili nazo ndi za fizi ya ana" ndi chifukwa chokhudza inu. "Iwe sudziwa kusunga ndalama" ndi chiweruzo, ndipo ngakhale chitakhala choona, munthu amene akuopa kutulutsidwa m'nyumba Lachisanu sangachimve ngati malangizo.

Pewaninso bodza loti "ndilibe olo kakobiri". Abale amadziwana kwambiri. Pakapita milungu iwiri adzaona kuti mwagula chinachake, kapena mwana wanu adzangozitchula mosadziwa, ndipo chimene chidzamupweteke si kukanidwa kuja koma kunamizidwa. Pali kusiyana pakati pa "ndilibe ndalama" ndi "ndilibe ndalama zoti ndingabwereketse". Chachiwirichi ndi choona ngakhale mu akaunti muli kanthu, ndipo simukakamizika kuulula kuti muli zingati.

Nanga ngati chifukwa chenicheni n'chakuti munamubwerekapo kale ndipo sanabweze? Apa maganizo anga ndi akuti musabise, koma musasandutse uthengawu kukhala kalata yolonjerera ngongole. Chiganizo chimodzi chikwanira: "Za ulendo watha zija zinatisokoneza tonse awiri, ndipo ndinatsimikiza kuti sindidzaikanso ngongole pakati pathu." Osatchula kuchuluka kwake, osatchula tsiku. Ngati mukufuna ndalama zakalezo, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Chachinayi, konzani chimene mupereke m'malo mwake

Gawo ili ndi limene limasiyanitsa uthenga wokoma mtima ndi uthenga wongozemba, choncho lipatseni nthawi. Mawu oti "ngati pali china chimene ndingachite undiuze" sathandiza, chifukwa amamubwezera wovutikayo ntchito yoganiza ndi manyazi opemphanso kachiwiri. Thandizo lenileni limakhala ndi zinthu zitatu: chimene muchite, kuchuluka kwake, ndi tsiku.

Choyamba kuganizira ndi mphatso yochepa ija. Itchuleni dzina lake momveka kuti si ngongole. Mukangotumiza 50 osanena kanthu, iye adzaiwerenga ngati ngongole n'kuyamba kukuzembani, kapena adzaiona ngati gawo loyamba la 200 n'kumadikira zotsala. Mukhoza kumutumizira iye mwini kapena kulipira kumene ngongoleyo ili, monga kwa eni nyumba. Kulipira mwachindunji kumatsimikiza kuti ndalama yapita pavuto, koma kungamvekenso ngati simukumukhulupirira, ndiye musachite mobisa. Mufunseni kuti asankhe yekha.

Chinanso champhamvu, chimene ambiri amachiiwala, ndi kumuthandiza kukambirana ndi amene akumulonjerera. Munthu amene ali ndi ngongole nthawi zambiri amathawa mwini ndalama, osayankha foni, ndipo kuthawako n'kumene kumakwiyitsa kuposa ngongoleyo. Kupita ndi 50 m'manja pamodzi ndi ndondomeko yolembedwa, yonena kuti 150 yotsalayo idzalipidwa 50 mwezi uliwonse kwa miyezi itatu pamwamba pa lendi, n'kosiyana kwambiri ndi kupita manja lendelende kukapempha chifundo. Eni nyumba akhoza kukana, ndipo musamulonjeze mlongo wanu kuti avomera. Chimene mungalonjeze ndi kukhala naye pansi kulemba ndondomekoyo ndiponso kumuperekeza.

Pomuperekezapo samalani pakamwa. Eni ndalama akaona wachibale wooneka kuti ali ndi ntchito, amakonda kufunsa kuti, "Ndiye akalephera, tifunse inu?" Mukangoti "musadandaule", mwalowa m'ngongole imene munaikana ija kudzera khomo lakuseri. N'chimodzimodzinso kumusainira ngongole ya kubanki kapena kupereka katundu wanu ngati chikole. Wosainira mnzake amavomera kulipira mnzakeyo akalephera, ndipo zimenezi zingakulemereni kuposa kubwereketsa, chifukwa pamabweranso chiwongoladzanja. Musamutumizenso kwa akatapila poganiza kuti mwamupezera njira. Ngongole ya 200 ya chiwongoladzanja chokwera imangosamutsa vuto la Lachisanu lino n'kulikuza mwezi wamawa.

Pali thandizo linanso losafuna ndalama: kumusungira ana masiku amene akuthamangathamanga, kumukonzera kalata yofunsira ntchito, kumulumikiza ndi munthu amene akufuna womugwirira ntchito yakanthawi, kumusungira katundu ngati zitafika posamuka. Sankhani ziwiri zokha zimene mukudziwa kuti muchitadi. Ngati mukufuna kumupatsa malo ogona, tchulani malire ake tsiku lomwelo, monga milungu iwiri, chifukwa malire amavuta kuwaika munthu atalowa kale m'nyumba.

Chachisanu, lembani motsatira dongosolo ili

Yambani ndi kusonyeza kuti mwamva vuto lake, kenako "ayi", kenako chifukwa, kenako thandizo, n'kumaliza ndi funso losavuta kuyankha. "Ayi" asapitirire chiganizo chachitatu. Mukamuika kumapeto kwa ndime yaitali ya mawu otsekemera, wowerengayo amayamba kusangalala akuganiza kuti zatheka, ndipo kugwa kwake kumawawa. Uthenga wa mayi uja kwa mlongo wake ungakhale wotere:

"Mchimwene wanga, ndaganizira zimene unandiuza dzulo. Ndikudziwa kuti sizinali zophweka kuti undipemphe, ndipo wachita bwino kundiuza. Sinditha kukubwereka 200 ija. Ndalama zimene ndili nazo ndi za fizi ya ana yofunika pa 10, ndipo sindingazisunthe. Chimene ndingathe ndi ichi: ndili ndi 50 imene ndikupatse mawa m'mawa. Si ngongole, usadzandibwezere. Komanso Lachitatu madzulo ndili ndi mpata, tikhoza kukhala pansi n'kulemba mmene ungalipirire zotsalazo pang'onopang'ono, ndipo ngati ungakonde ndikuperekeza kwa eni nyumba Lachinayi. Nditumize 50 imeneyi kwa iwe kapena kwa iwo?"

Onani zimene mulibe mu uthengawu. Mulibe "mwina", mulibe "pakadali pano", mulibe "mwezi uno wokha". Mawu ngati amenewa amafewetsa chiganizo koma amalonjeza mwezi wamawa. Agwiritseni ntchito pokhapokha ngati mukudziwadi kuti mwezi wamawa mudzabwereketsa. Mulibenso "pepa" wobwerezabwereza. Kupepesa kamodzi ndi ulemu, kupepesa kanayi kumasonyeza kuti mukuona ngati mwalakwa, ndipo kumamukakamiza wovutikayo kuti ayambe kukutonthozani inu. Mulibenso ulaliki wa kasungidwe ka ndalama.

Onaninso funso lomalizalo. Silikufunsa ngati wakhululuka kapena ngati wamvetsa. Likumupatsa chosankha chaching'ono chimene angayankhe ndi mawu awiri ngakhale atakhumudwa, ndipo likusunthira zokambirana zanu kuchoka pa 200 kupita pa zimene zichitike mawa.

Ngati amene wapempha ndi mkulu wanu, mfundo ndi zomwezo koma mawu amasintha. Kwa munthu wamkulu, kupempha mng'ono wake n'kudzitsitsa kale, ndiye chilichonse chomveka ngati malangizo chimaluma kawiri. M'malo monena kuti mumuthandiza kulemba ndondomeko, dziperekeni ngati woti atumidwe:

"Achimwene, ndamva zimene zakugwerani ndipo zandikhudza. Mundikhululukire, sinditha kukubwerekani ndalama zija, chifukwa zimene ndili nazo ndi za fizi ya ana yofunika pa 10. Pali kangachepe kamene ndingathe, 50, ndipo ndikupempha mukalandire ngati kochokera kwa mlongo wanu, osati ngongole. Ngati mungafune kuti ndikuperekezeni kwa eni nyumba kapena pali pena poti munditume, Lachitatu ndi Lachinayi madzulo ndilipo. Nditumize pa nambala yanu yomwe ija?"

Ngati mkulu wanuyo ndi amene anakulipirirani sukulu kapena kukulerani, zitchuleni nokha asanazitchule iye: "Sindinaiwale zimene munandichitira, n'chifukwa chake zikundiwawa kuyankha chonchi." Kenako musasinthe yankho.

Chachisanu ndi chimodzi, werengani mokweza, kenako tumizani

Werengani uthengawo mokweza ngati kuti m'bale wanuyo wakhala patsogolo panu. Paliponse pamene mawu anu akutuluka mokalipa kapena monyogodola, fufutani. Kenako uwerengeninso ndi funso lina: munthu wina wa m'banja mwanu atauona, pali chimene mungachite nacho manyazi? Mauthenga amatumizidwa kwa ena, ndipo m'bale wokhumudwa akhoza kuusonyeza kwa makolo.

Tumizani kwa iye yekha, osati pagulu la banja, ngakhale atakhala kuti pempho lake analiika pagulupo. Tumizani nthawi imene mungathe kuyankha akalemba, osati pakati pa usiku kapena mukulowa m'msonkhano. Ena amafunsa ngati si bwino kungoimba foni. Ngati mumadziwa kuti mukamva mawu ake mumafooka n'kuvomera, yambani ndi kulemba, kenako muimbireni tsiku lomwelo. Zolembedwa zimasunga yankho lanu mmene lilili, ndipo mawu apakamwa amamutsimikizira kuti simunamutaye.

Kenako chitani zimene mwalonjeza pa nthawi yake. Ngati munati 50 ifika m'mawa, ifike m'mawa. Mukachedwa pa kakang'ono aka, uthenga wonse uja umasanduka njira yongomuchotsera pamaso.

Akayankha

Yankho lofala ndi kutsitsa mtengo: "Chabwino, ndiye ingondibwerekani 100." Musayambe kufotokoza mwatsopano, ndipo musabweretse chifukwa chachiwiri. Bwerezani mwachidule: "Ngongole sinditha, ngakhale yochepa. 50 ija ndi Lachitatu lija zikadalipo." Mukagonja apa, mwamuphunzitsa kuti "ayi" wanu ndi poyambira kunenerera, ndipo ulendo wina adzakankha kwambiri.

Akhoza kukwiya n'kukuponyerani mawu, mwina n'kukukumbutsani kuti chibale ndi fupa sichiola, kapena kuti mwayamba kudzimva chifukwa cha ntchito. Musayankhe mfundo iliyonse. Munthu wamantha amalankhula zolasa, ndipo mukayamba kudziteteza mudzapezeka mukukangana za zinthu za zaka khumi zapitazo. Lembani kuti, "Ndamva kuti wakhumudwa, ndipo sindikukuimba mlandu. Yankho langa silisintha, koma ndilipo pa zimene ndanena zija." Mukatero siyani foni pansi.

Akangokhala chete, musamuthamangitse ndi mauthenga ofunsa ngati wakwiya. Dikirani tsiku limodzi, kenako lembani za thandizo lokha: "Lachitatu lija ndikadali ndi mpata, ndibwere nthawi yanji?" Pa mphatso ija, musamukakamize. Ngati sanayankhe funso la kumene mutumize, funsaninso kamodzi, chifukwa ndalama yotumizidwa kwa munthu amene sanaivomere ingamveke ngati mukugula mtendere.

Chovuta kwambiri ndi pamene nkhani yadutsira kwa makolo, mayi n'kukuimbirani kuti, "Mwana wanga, ungomuthandiza mng'ono wako." Musawafotokozere zolakwa za m'bale wanuyo, ndipo musawauze kuchuluka kwa zimene muli nazo. Auzeni zimene mwachita kale: "Amayi, takambirana. Ngongole sinditha chifukwa cha fizi ya ana, koma ndamupatsa zimene ndikanatha ndipo Lachinayi ndimuperekeza." Akapitiriza kuumirira, afunseni mwaulemu ngati pali wina m'banjamo amene angaonjezere pa 50 ija. Anthu atatu akasonkha 50 aliyense, mlongo uja amapita kwa eni nyumba ndi 150 yopanda ngongole kwa wina aliyense, n'kutsala ndi 50 yokha yoti akapemphere nthawi.